MAFUNDE AFUFUTA PAMCHENGA, SAFUFUTA M'THUMBA LA MNZAKO

Abale ndi alongo a Nthambi yathu, kuyambira ku Chia kufikira ku Dwangwa, pali mawu amene afala pakati pathu masiku ano, ndipo ife tiona kuti mpofunika kuwaongola asanatipweteketse. Ena akuti, "Lembani zonse momasuka pa gulu la pafoni, pakuti tatchera nthawi, ndipo mawa uthenga udzakhala utadzifufuta wokha." Mawu amenewa ali ndi choona pang'ono, koma bodza lake ndi lalikulu koposa. Inde, uthenga umafufutikadi. Koma funso limene munthu wanzeru ayenera kufunsa ndi ili: kodi ufufutika kuti, ndipo utsala kuti?

Tiyambe ndi m'mene chinthuchi chigwirira ntchito, pakuti munthu sangadziwe polekeza mphamvu ya chida asanadziwe kagwiridwe kake.

Pa Telegram pali njira ziwiri, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Yoyamba inayamba mu Febuluwale 2021, ndipo dzina lake pa foni ndi Auto-Delete. Mutsegule pamene mukambirana ndi mnzanu, mudine dzina lake pamwamba, mudinenso timadontho titatu, ndipo musankhe Auto-Delete. Pamenepo foni idzakufunsani nthawi: tsiku limodzi, sabata imodzi, mwezi umodzi, kapena nthawi ina imene mufuna nokha. Pa gulu, amene angatchere nthawiyi ndi oyang'anira gulu okha, aja timawatcha maadimini. Zinthu ziwiri muzisunge mumtima. Choyamba, nthawiyi iyamba kuwerengedwa pamene uthenga watumizidwa, osati pamene wawerengedwa. Chachiwiri, mauthenga akale amene analembedwa musanatchere nthawi sakhudzidwa konse. Akhala pomwepo kufikira wina atawafufuta ndi dzanja.

Njira yachiwiri ndiyo Secret Chat. Imeneyi ndi ya anthu awiri okha, ndipo siingatheke pa gulu. Uthenga wake ukhala m'mafoni awiriwo basi, osasungidwa m'makina a eni ake a Telegram monga asungidwira mauthenga a magulu. Nthawi yake ingafupike kufikira kamphindi kamodzi, ndipo iyamba kuwerengedwa pamene mnzanuyo watsegula uthengawo. Muno foni ikana kutumiza uthenga kwa munthu wachitatu, ndiponso pa mafoni a Android, amene ambiri a ife tili nawo, ikana kujambula chithunzi cha zimene zili pagalasi, chija anyamata amachitcha sikirinishoti. Njira imeneyi ndi yolimba koposa yoyamba ija, koma tidzaona m'munsimu kuti nayonso ili ndi chiboo.

Pa WhatsApp, pamene pali magulu ambiri a kwathu kuno, chinthuchi chinafika mu Novembala 2020, ndipo dzina lake ndi Disappearing messages. Mudine dzina la munthu kapena la gulu pamwamba, mutsikire pa mawu amenewo, ndipo musankhe pakati pa maola 24, masiku 7 ndi masiku 90. Pomwepo padzaoneka mawu pakati pa zokambirana onena kuti wakutiwakuti watchera nthawi, ndiponso kachizindikiro konga wotchi pa chithunzi cha gulu. Ngati mawu ndi kachizindikiroko simukuziona, dziwani kuti nthawi siinatcheredwe. Chenjerani ndi ichinso: pa gulu la WhatsApp membala aliyense angathe kuzimitsa nthawiyo, pokhapokha adimini atalowa pa Group permissions ndi kuletsa ena kusintha za gulu. Kotero gulu limene munalitchera bwino Lolemba lingapezeke Lachitatu likusunga zonse, inu osadziwa, chifukwa mawu odziwitsa aja anakwiririka ndi moni wa m'mawa.

Tsono tiyeni titsate uthenga umodzi wokha, tione ulendo wake. Ichi n'chitsanzo chongoyerekeza, koma chilichonse cha m'menemo chitheka pa foni wamba.

Tiyerekeze kuti pali gulu la anthu 40, ndipo nthawi yatcheredwa pa maola 24. Lolemba, 7 koloko madzulo, msungichuma alemba kuti: "Ndalama za msonkho wa mamembala zakwana K600,000. Ndidzanyamuka nazo Lachinayi m'mamawa kuchokera ku Chia kupita kubanki paboma." Lachiwiri, 7 koloko madzulo, uthengawo uchoka pa gulu m'mafoni onse 40. Msungichuma ayang'ana, aona kuti palibe kanthu, napuma. Koma taonani zimene zachitika m'maola 24 aja.

Mphindi zisanu chilembere, mayi wina wayankha mogwira uthenga womwewo, nati, "Muyende bwino, achimwene." Pa WhatsApp, yankho lotere limanyamula kachidutswa ka uthenga woyamba pamwamba pake, ndipo eni ake a WhatsApp amachenjeza okha kuti kachidutswako kangathe kutsala ngakhale uthenga woyamba utapita. Ngati wina ayankha Lachiwiri masana, mawu a msungichuma angaonekebe m'yankho lake Lachitatu m'mawa. Ameneyo ndi mwana woyamba wa uthenga uja.

Usiku womwewo bambo wina, posafuna choipa chilichonse, watumiza uthengawo kwa mbale wake wa ku Benga amene anapereka nawo msonkho, kuti adziwe kuti ndalama zili bwino. Uthenga wotumizidwa chotero usanduka uthenga watsopano, ndipo umvera lamulo la kumene wafika, osati la kumene wachokera. Kwa mbale wa ku Benga kulibe nthawi yotcheredwa, choncho ukhala kumeneko chaka ndi chaka. Pa WhatsApp udzangolembedwa kuti Forwarded, koma pa Telegram udzanyamulanso dzina la mwini wake pansi pa mawu akuti Forwarded from, kotero kuti mlendo adziwa ndi dzina lomwe la wonyamula ndalama. Ndiponso pa Telegram munthu angathe kudzitumizira yekha uthenga pa malo otchedwa Saved Messages, ndipo nthawi ya gulu siifika kumeneko. Ameneyo ndi mwana wachiwiri.

Mnyamata wina wajambula sikirinishoti. Pa gulu wamba la WhatsApp, ngakhalenso la Telegram limene silinatsekedwe mwa njira ina, foni siiletsa zimenezi, ndipo siiuza munthu aliyense. Chithunzicho chilowa m'nkhokwe ya zithunzi pamodzi ndi za ukwati ndi za ana. Chionetsa mawu, nthawi, ndi dzina kapena nambala ya wolemba. Kumbukirani kuti kuyambira mu 2018 nambala za foni m'dziko muno zimalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, kotero nambala ya pa chithunzi ifanana ndi chidindo cha chala. Lachitatu mnyamatayo akasiya foni kokatchajitsa pamsika, kapena kwa wokonza mafoni, yosakhoma, ndipo amene sanakhalepo pa gulu lathu awerenga tsiku ndi njira ya msungichuma. Ameneyo ndi mwana wachitatu, ndipo ndiye woopsa koposa, chifukwa palibe njira yodziwira kuti wabadwa.

Pali enanso ana ang'onoang'ono. Foni ya munthu amene sanatsegule WhatsApp ingathe kuonetsabe chiyambi cha uthenga pamwamba pa galasi kufikira ataitsegula. Amene foni yake imakweza zokambirana ku Google usiku, ngati yakweza uthenga usanafufutike, uthengawo ukhala m'zokwezedwazo kwa kanthawi. Ndipo tidziwa tonse kuti ena mwa achinyamata athu amaika m'mafoni mwawo WhatsApp yachinyengo, monga ija itchedwa GBWhatsApp, imene amaitamanda chifukwa choonetsa mauthenga amene eni ake afufuta. Kufufuta konseku kudalira kuti foni ya mnzanu imvere pamene iuzidwa kuti "fufuta." Foni yosamvera siifufuta.

Werengani tsono. Lachinayi m'mamawa, pamene msungichuma aimirira pamseu kudikira galimoto ndi K600,000 m'chikwama, uthenga umene iye ayesa kuti unafa Lachiwiri uli moyo pa malo osachepera awiri, ndipo malo onse awiriwo ali kunja kwa gulu. Paja akulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Wina adzati, "Nanga Secret Chat ija, imene ikana kujambula ndi kutumiza? Nanga zithunzi zoona kamodzi kokha, zija pa WhatsApp zitchedwa View once? Nanga chiletso chija cha pa magulu a Telegram, Restrict Saving Content, chimene chinabwera mu Disembala 2021?" Tiyankha kuti zonsezo n'zothandiza ndithu, pakuti ziletsa munthu wosasamala amene akanatumiza uthenga mwa chizolowezi chabe. Koma munthu wotsimikiza mtima sizimuletsa. Abwereka foni ya mkazi wake, aiimika pamwamba pa yake, najambula. Ngati ndi uthenga wa mawu, auseweretsa mokweza, foni inayo ikujambula pambali. Ngati alibe foni yachiwiri, ali ndi pensulo ndi pepala, ndiponso ali ndi pakamwa. Chimene diso la munthu laona ndi khutu lake lamva, palibe makina angachibweze.

Kuti musayese kuti izi ndi nkhani za anthu osaphunzira a kumudzi, tamvani zimene zinagwera akuluakulu a dziko la Amereka mu Malichi 2025. Nduna ndi alangizi a Pulezidenti Donald Trump anapanga gulu pa Signal, imene ambiri amaiyesa yolimba koposa zonse, kuti akambirane za kuphulitsa mabomba m'dziko la Yemen. Anatchera nthawi kuti mauthenga ena afufutike patapita sabata imodzi, ena masabata anayi. Koma mlangizi wa za chitetezo, Mike Waltz, analowetsa m'gulumo molakwitsa mkonzi wa magazini ya The Atlantic, Jeffrey Goldberg. Mkonziyo anawerenga, anajambula zithunzi, ndipo mwezi womwewo usanathe dziko lonse lapansi linawerenga zokambiranazo, pamodzi ndi maola amene ndege za nkhondo zinayenera kunyamuka. Makina sanalakwe kanthu, ndipo palibe amene anathyola loko. Cholakwa chinali chakuti m'chipindamo munakhala munthu amene eni ake sanamuwerenge. Ngati zinatero kwa anthu okhala ndi asilikali ndi akatswiri, nanga kwa ife amene tilowetsa munthu m'gulu chifukwa chakuti wina wati, "Muikenimo uyu, ndi mlamu wanga"?

Ndipo kwathu konkuno zitsanzo zilipo. Mu Febuluwale 2016, pa nthawi ya Pulezidenti Peter Mutharika, apolisi anamanga aphungu awiri a chipani cha Kongeresi, Jessie Kabwila ndi Peter Chakwantha, pamodzi ndi Ulemu Msungama, chifukwa cha zokambirana za pa WhatsApp zimene zinatulukira kunja. Mu Meyi 2022, pa nthawi ya Pulezidenti Lazarus Chakwera, namwino wina wa ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha mawu onena za Pulezidenti amene analemba pa gulu la WhatsApp, ndipo anamuimba mlandu potsata lamulo la 2016 loona za pa intaneti. Mu 2022 momwemo, mawu amene Martha Chizuma, mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu pa nthawiyo, analankhula pa foni ndi munthu wina anajambulidwa ndi kufalitsidwa mu Januwale, ndipo mu Disembala iye anamangidwa, ngakhale mlanduwo unathetsedwa pambuyo pake. Ife sitili pano kuweruza anthu amenewa, kapena kunena kuti boma liti linachita bwino. Titchula maboma awiri dala, kuti muone kuti nkhaniyi siisankha mtundu wa nsalu. Phunziro lake ndi limodzi: mawu onenedwa kwa anthu owerengeka anafika m'manja mwa amene sanawalembere. Ngakhale nthawi ikanatcheredwa pa tsiku limodzi, kujambula chithunzi kutenga kamphindi chabe. Mlandu suola.

Pali mbali inanso imene anthu saiganizira, ndiyo yakuti uthenga wodzifufuta ungathe kupweteka mwini wake wosalakwa. Chithunzi cha zokambirana chingadulidwe, kuchotsako funso ndi kusiya yankho lokha. Chingapekedwenso, pakuti munthu angalembe dzina lanu pa nambala ya mnzake m'foni mwake, namuuza mnzakeyo kuti alembe chipongwe, najambula. Tsiku limene chithunzi chotere chifika kwa amfumu kapena kupolisi, mudzafuna kutsegula foni yanu ndi kunena kuti, "Onani zimene ndinalemba zenizeni." Koma ngati zonse zinafufutika, wonamayo ali ndi chithunzi, inu muli chimanjamanja. Chifukwa chake mukalandira chithunzi chonena kuti wakutiwakuti analemba zakutizakuti, musathamange nacho. Yang'anani ngati pali nambala kapena dzina lokha. Yang'anani ngati maola a mauthenga atsatana bwino. Funsani ena amene anali pa gulu tsiku limenelo. Ndipo koposa zonse, mufunseni mwini wake maso ndi maso.

Chimodzimodzinso pa malonda. Msodzi watumiza usipa ku Lilongwe pa ngongole, mtengo ndi tsiku lolipira anagwirizana pa foni. Mlimi wapereka matumba a mpunga kwa wogula amene walonjeza kulipira mwezi ukatha. Ngati wogulayo anatchera masiku 7 mwakachetechete, pofika tsiku lolipira pangano lonse lapita, ndipo pa bwalo padzangotsala mawu a uyu ndi mawu a uyo. Apa sikirinishoti, imene taiopa pamwambapa, isanduka bwenzi. Mukaona mawu odziwitsa kuti nthawi yatcheredwa pakati pa inu ndi munthu amene ali nanu ngongole, jambulani pangano lanu tsiku lomwelo, ndipo mulilembenso m'buku pamaso pa mboni. Pa WhatsApp, kuyambira mu Epulo 2023, mungathenso kudina uthenga kwa kanthawi ndi kusankha Keep kuti usafufutike. Koma dziwani kuti wolemba uthengayo amauzidwa, ndipo ali ndi mphamvu yokana. Musadalire njira imeneyo yokha.

Kodi tsono titi kutchera nthawi n'kopanda pake? Iyayi. Phindu lake lilipo, koma ndi la mtundu wina. Foni imatayika, imabedwa pa depoti, imagwera m'manja mwa mwana, imagulitsidwa pa nthawi ya njala. Foni yosatcheredwa ikapita chotero, ipita ndi zokambirana za zaka zitatu: matenda a anthu, ngongole zawo, mikangano ya m'banja. Yotcheredwa ipita ndi za sabata imodzi yokha. Kutchera nthawi kuli ngati kusesa pabwalo: kuchotsa zinyalala zakale kuti zisaunjikane, koma sikutseka maso a anthu odutsa. Kukutetezani kwa mlendo wa mawa, koma sikukutetezani kwa mnzanu wa lero.

Chifukwa chake ife tiika maganizo awa pamaso pa mamembala, kuti akambidwe pa msonkhano ukudzawu.

Gulu la Nthambi litcheredwe pa sabata imodzi, osati tsiku limodzi. Tidziwa kuti asodzi amachezera panyanja usiku wonse, ena amapita kukaweza kutali masiku angapo, ndipo bandulo siipezeka tsiku lililonse. Popeza nthawi iwerengedwa kuyambira potumiza, chidziwitso cha maliro kapena cha msonkhano chingafufutike mwini foni asanachione. Mphamvu yosintha nthawiyi ikhale ya maadimini okha, ndipo mauthenga akale afufutidwe ndi dzanja, zofunika zitayamba zakoperedwa.

Zonse za ndalama, zisankho ndi mfundo zomangidwa zilembedwe m'buku la Nthambi ndi inki, ndi kusainidwa. Gulu la pafoni ndi mthenga chabe, si nkhokwe. Ndipo pasapezeke mtsogoleri wotchera nthawi kuti abise m'mene wayendetsera chuma cha anthu, kapena wofufuta mauthenga atamva kuti pali mlandu. Kuteroko ndi kuwononga umboni, ndipo kuwonjezera mlandu pa mlandu.

Tsiku, ola ndi njira ya munthu wonyamula ndalama zisalembedwe pa gulu mpang'ono pomwe. Zimenezo azidziwa wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo auzane pakamwa. Gulu lidzamva ndalama zitafika.

Kamodzi pa mwezi adimini awerenge maina onse a pa gulu pamaso pa komiti. Nambala imene palibe angaitchule mwini wake ichotsedwe tsiku lomwelo, pakuti nambala yosiyidwa imadzagulitsidwanso kwa munthu wina. Membala aliyense akhome foni yake ndi nambala yachinsinsi asanaisiye kotchajitsa, ndipo amene ali ndi WhatsApp yachinyengo aichotse.

Amene afuna kutumiza kunja mawu a mnzake, kapena kuwajambula, ayambe wapempha mwini wake. Ili si lamulo la makina, ndi lamulo la ulemu, ndipo ndilo lokha limene lingafike kumene makina alephera.

Potsiriza, musanadine potumizira, dzifunseni funso limodzi: kodi mawu awa ndingawanene chiimirire pansi pa mtengo, amfumu ali pomwepo, apongozi ali pomwepo, ndi iye amene ndikumunenayo ali pomwepo? Ngati mungatero, tumizani, ndipo ngakhale atajambulidwa kakhumi simudzagwa nawo nkhope. Ngati simungatero, musadzinyenge ndi kachizindikiro ka wotchi. Ikani foni m'thumba, yendani kufikira pakhomo pa munthuyo, ndipo mukambirane monga anachitira makolo athu. Madzi akatayika saoleka. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mlembi wa Nthambi